Sitetimenti Yafika: Musanalipire, Tsegulani Leja Yanu

Lero ndikulankhula makamaka ndi inu amene mumatenga katundu pa ngongole ku holoselo kapena ku kampani n'kumalipira mwezi ukatha: a magolosale, a mashopu a hadiweya, ogulitsa feteleza ndi mbewu, ndiponso inu makalaliki amene mumasunga mabuku a sukulu, a chipatala kapena a mpingo. Ngati cholembera ndi pepala zili pafupi, zitengeni, chifukwa kutsogoloku kuli manambala angapo, ndipo ndiziwatchula mosathamanga.

Mwezi ukatha pamafika pepala lija lochokera kwa amene amakupatsani katundu. Kwa ena limabwera ndi dalaivala wa lole, kwa ena limalowa pa foni kapena pa imelo. Pamwamba pali dzina la shopu yanu, pakati pali mizeremizere ya madeti ndi manambala, ndipo pansi penipeni pali nambala imodzi yolembedwa monenepa. Imeneyo ndiye sitetimenti. Ambiri maso amathamangira pansipo. Nambalayo ikaoneka kuti ikuyandikira imene ali nayo m'mutu, amalipira. Ikakula kuposa mmene amaganizira, amatenga foni n'kuyamba kukalipa. Konse kuwiriko n'kupupuluma.

Sitetimenti si invoisi. Invoisi imanena katundu amene mwapatsidwa, kuchuluka kwake, mtengo wake ndi msonkho. Sitetimenti imangofotokoza zimene buku la a holoselo likunena za inu pa tsiku limene anaisindikiza. Bukulo limalembedwa ndi munthu, ndipo munthuyo ali ndi makasitomala ambirimbiri. Leja yanu nayo imalembedwa ndi munthu, mwina usiku atatopa. Mabuku awiriwa akufotokoza ngongole imodzi, choncho akasiyana, pali chifukwa chake, ndipo chifukwacho chimapezeka. Ntchito yathu lero ndi kuchipeza mzere ndi mzere, n'kudziwa kuti oyenera kukonza buku lawo ndani: inu, iwo, kapena palibe aliyense.

Tiyerekeze mayi wina amene ali ndi shopu ya hadiweya pa Mponela. Simenti, malata, penti ndi misomali amatenga pa ngongole ku holoselo ina ku Lilongwe. Kumayambiriro kwa Julayi kwafika sitetimenti ya mwezi wa Juni, ndipo pansi pake palembedwa K4,467,000. Mayiwo atsegula leja, pa tsamba la holoseloyo, ndipo apeza kuti pa 30 Juni ngongole yawo ndi K2,400,000. Ndibwereze kwa amene mukulemba. A holoselo akuti K4,467,000. Leja ikuti K2,400,000. Kusiyana kwake ndi K2,067,000. Ndalama yoteroyo pa shopu ya pa Mponela imamuyendetsa munthu mtima.

Mayiwo sanaimbe foni. Anatseka shopu madzulo, n'kuyala pa kauntala sitetimenti, leja, fayilo ya mainvoisi, fayilo ya madelivale noti amene amasayina lole ikatsitsa katundu, ndi umboni wa ndalama zonse zimene anatumiza mwezi umenewo.

Poyambira ndi pamwamba, osati pansi. Mzere woyamba wa sitetimenti umaonetsa ngongole imene inatsala mwezi wapitawo. Ifananizeni ndi imene leja yanu inayamba nayo pa 1 Juni. Zikasiyana pamenepo, musapitirire, chifukwa vuto lili mu Meyi kapena m'mbuyo mwake, ndipo mungathe usiku wonse mukulifunafuna mu Juni momwe mulibe. Mubwerere ku pepala limene munayanjanitsira mabuku mwezi wathawo, muone ngati kusiyanako ndi kumene munakudziwa kale. Kwa mayi athuwa, mabuku onse awiri anayamba mwezi ndi nambala imodzi. Ndiye kuti K2,067,000 yonse ija inabadwa mu Juni momwemo.

Chimodzi chimene chimasokoneza oyamba kumene ndi ichi. Pa sitetimenti, mainvoisi amakhala mbali ya debiti, ndipo ndalama zimene mwalipira zimakhala mbali ya kirediti. Mu leja yanu zimasinthana mbali. Palibe amene walakwitsa. Kwa iwo, inuyo ndinu munthu amene muli ndi ndalama zawo. Kwa inu, iwo ndi anthu oyenera kulipidwa.

Kenako kuchonga. Mutenge mzere umodzi pa sitetimenti, muufunefune mu leja, mukaupeza muchonge konse kuwiri. Koma muzifunafuna ndi nambala ya invoisi, osati ndi kuchuluka kwa ndalama. Munthu amene amaoda matumba a simenti ofanana sabata iliyonse amakhala ndi mainvoisi awiri kapena atatu a ndalama zofanana ndendende. Mukamachonga poyang'ana ndalama zokha, mudzachonga invoisi ya sabata yachiwiri m'malo mwa ya sabata yachitatu, osazindikira kuti ina ikusowa.

Mayiwo atatha kuchonga, panatsala mizere inayi yopanda mnzake. Pa sitetimenti panali mainvoisi awiri amene mu leja munalibe: invoisi 4625 ya K320,000, ndi invoisi 4917 ya K550,000. Mu leja munali zinthu ziwiri zimene pa sitetimenti panalibe: K1,000,000 imene analipira pa 30 Juni, ndi K170,000 ya penti amene anabweza.

Ndiyamba ndi yosavuta. K1,000,000 ija mayiwo anaitumiza kudzera ku banki pa foni, pa 30 Juni dzuwa litalowa. A maakaunti ku holoselo anali ataweruka, sitetimenti itasindikizidwa kale. Ndalamayo anailowetsa m'buku lawo m'mawa wa pa 1 Julayi. Apa palibe cholakwika chilichonse, yangokhala nkhani ya nthawi. Mayiwo sakonza kanthu mu leja, a holoselo sakonza kanthu kwawo. Chofunika n'kusunga uthenga wa ku banki ndi nambala yake, n'kulemba kuti ndalamayi ili m'njira.

Koma ndalama ya m'njira imafika. Pa sitetimenti ya Julayi iyenera kuoneka, m'mizere yoyambirira. Ikapanda kuoneka, imeneyo si nkhani ya nthawi ayi. Mwina inalowa pa akaunti ya kasitomala wina chifukwa simunalembe nambala ya akaunti yanu potumiza. Mwina ili pa mndandanda wa ndalama zimene a holoselo sakudziwa mwini wake. Mwinanso munaipereka m'manja mwa wamalonda wawo, kapena munaitumiza pa Airtel Money kapena Mpamba ku nambala yake yeniyeni, ndipo siinafike ku ofesi. Ine ndimalimbikira pamenepa. Ndalama ya kampani izipita ku akaunti ya kampani, ndipo ngati mwapereka pamanja, risiti ya chidindo ibwere nthawi yomweyo. Wamalonda akasiya ntchito, kampani imayang'ana buku lake, ndipo bukulo limati simunalipire.

Tsopano tifike pamene pagona nkhani: mainvoisi awiri aja. Pa sitetimenti amaoneka mofanana. Onse ali ndi nambala, ali ndi deti, ali ndi ndalama, ndipo onse akusowa mu leja. Munthu wofuna kumaliza msanga amangowakopera mu leja kuti mabuku agwirizane. Munthu wokwiya amawakana onse, amvekere, "Zimene sindinalembe sindilipira." Komatu mwa mainvoisi awiriwa, ina ndi ngongole yeniyeni, ina si ya mayiwa n'komwe, ndipo sitetimenti payokha singakuuzeni kuti yoona ndi iti. Funso ndi limodzi: kodi katunduyo analowa m'shopu muno? Yankho lake lili mu buku la maoda, mu fayilo ya madelivale noti, ndi mu buku lolembamo katundu wolowa.

Invoisi 4917 ndi ya pa 27 Juni. Mayiwo anatsegula fayilo n'kupezamo delivale noti ya tsiku lomwelo, ya malata ndi misomali, yosayinidwa ndi mnyamata wawo wa pa kauntala. Tsiku limenelo iwo anali ku maliro. Anamuitana.

"Iwe, lole ya pa 27 ija inasiya mapepala angati?"

"Awiri, Mayi. Lina ndinaika mu fayilo. Linalo ndinasunga kuti ndikupatseni m'manja."

Anakalipeza mu dirowa ya makiyi a maloko, lopindidwa kanayi, lili mbuu ndi fumbi la simenti, kuseri kwake kutalembedwa nambala ya foni ya kalipentala wina. Imeneyo ndiye K550,000. Katundu anabwera, ena mwa malatawo anagulitsidwa kale, ngongole ndi yoona. Cholakwika chili mbali ya shopu, choncho okonza buku ndi mayiwo. Asanalembe, anaika invoisiyo pambali pa delivale noti ndi oda yawo, kuona ngati chiwerengero cha malata ndi mtengo wake zikugwirizana ndi zimene anapangana. Zitagwirizana, analowetsa mu leja.

Bwanji pepalalo likanapanda kupezeka? Akanapempha kope lake ku holoselo, n'kudikira kuti lifike. Musalembe invoisi mu leja pokopera pa sitetimenti. Mzere wa pa sitetimenti suonetsa kuti malata anali angati, a geji yanji, pa mtengo wanji, ndiponso suonetsa msonkho wa VAT payekha. Kwa inu amene munalembetsa VAT ku MRA, pali chifukwa chinanso. VAT imene munalipira pogula mumaichotsera pa imene mukupereka pokhapokha muli ndi invoisi yovomerezeka ya msonkho, ndipo sitetimenti siilowa m'malo mwake. Mafomu a VAT a mwezi wa Juni amayenera kukhala atapita pofika pa 25 Julayi. N'chifukwa chake ntchito yoyanjanitsa mabukuyi ndi ya sabata yoyamba ya mwezi, nthawi ya kupempha makope idakalipo.

Nanga invoisi 4625, ya K320,000, ya pa 17 Juni? Mu buku la maoda mulibe. Mu fayilo ya madelivale noti mulibe. Mu buku la katundu wolowa, pa 17 ndi masiku oyandikana nalo, mulibe lole ya ku Lilongwe. Apa ndiye mayiwo anaimba foni, ndipo tamvani mmene analankhulira.

"Achimwene, ndikuyang'ana sitetimenti yathu ya Juni. Pali invoisi 4625 imene kuno sitikuipeza. Munganditumizireko kope lake, pamodzi ndi delivale noti yake yosayinidwa?"

Sananene kuti mukundibera. Sananenenso kuti sindilipira. Anapempha mapepala awiri, ndipo lachiwirilo ndi limene limathetsa mkangano, chifukwa invoisi a holoselo amalemba okha, pamene delivale noti imafuna dzanja la wolandira. Mapepala atafika, dzina la pa invoisi linali la shopu ina ya ku Madisi, lofananako ndi la shopu yawo, ndipo chidindo cha pa delivale noti chinali cha komweko. Kalaliki wa ku holoselo anasankha akaunti yolakwika pa kompyuta. Okonza ndi a holoselo: achotse invoisiyo pa akaunti ya mayiwa, n'kutsimikizira polemba. Mu leja ya mayiwo simulowa kanthu.

Ndinene mosabisa kuti nkhaniyi simatha bwino chonchi nthawi zonse. Nthawi zina delivale noti imabwera ili ndi siginecha ya wantchito wanu, koma katunduyo sanafike m'shopu. Anatsitsidwa kwina. Pamenepo a holoselo ali ndi umboni woti anapereka, ndipo mlandu wasamukira m'nyumba mwanu. Zoterezi zimagwidwa msanga pamene woyanjanitsa mabuku ali munthu wina, osati yemwe amalandira katundu kapena kutumiza ndalama. Shopu ikakhala yaing'ono, mwini wake ndiye azichita yekha, ngakhale zina zonse atazisiyira antchito.

Titembenukire ku penti. M'mwezi womwewo panabwera zitini zina zophwanyika, penti akudontha. Mayiwo anazibweza pa lole yomweyo ulendo wotsatira, n'kuchotsa K170,000 mu leja. Ku holoselo sanachotse, chifukwa iwo amachotsa ngongole akalemba kirediti noti, ndipo kirediti noti imalembedwa a kosungira katundu akauza a maakaunti kuti katundu wabwerera. Uthengawo umachedwa, nthawi zina umathera m'njira. Chimene chinawathandiza mayiwa n'chakuti tsiku lobweza analemba kapepala konena kuti zitini zingati, za invoisi iti, zabwezedwa chifukwa chiyani, ndipo dalaivala anasayina n'kulemba nambala ya lole. Popanda kapepala kameneko, K170,000 ikanakhala ya mawu a pakamwa, ndipo dalaivala amene amatsitsa katundu m'mashopu ambiri tsiku lililonse sangakumbukire zitini za mwezi watha. Mayiwo anajambula kapepalako n'kutumiza, kupempha kirediti noti yotchula nambala ya invoisi yoyambayo. Mpaka itafika, ndalamayi izionekabe pa pepala loyanjanitsira ngati nkhani yosatha. Ikafika, aonenso ngati ndalama yake ndi K170,000 yomweyo, chifukwa nthawi zina a holoselo amavomera zitini zina n'kukana zina.

Tiyeni tiwerengere limodzi. K1,000,000 ya m'njira, K550,000 ya invoisi ya mu dirowa, K320,000 ya ku Madisi, K170,000 ya penti. Zonse pamodzi ndi K2,040,000. Koma kusiyana kunali K2,067,000. Yatsala K27,000 imene ilibe chifukwa.

Apa ndi pamene ambiri amagonja. Nthawi yatha, maso akulemera, ndipo K27,000 pa ngongole ya mamiliyoni ikuoneka ngati kachinthu kakang'ono. Ena amailemba mu leja kuti "zina ndi zina" kuti mabuku angofanana. Musatero. Nambala yotsala yaing'ono sitanthauza kuti cholakwika n'chaching'ono, chifukwa zolakwika ziwiri zazikulu, china chowonjezera china chochotsa, zimatha kusiya kotsala kakang'ono. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pali kanjira kamene osunga mabuku amagwiritsa ntchito. Tengani yotsalayo, muigawe ndi 9. Ikagawika popanda chotsala, kayikirani kuti pena pake manambala awiri anasinthana malo polemba. K27,000 kugawa ndi 9 ndi 3,000 ndendende. Mayiwo anabwerera m'mizere imene anachonga kale, tsopano akuwerenga nambala iliyonse mokweza. Pa invoisi 4390, sitetimenti ikuti K763,000, leja ikuti K736,000. Diso linaona 7, 6 ndi 3 konse kuwiri, dzanja n'kuchonga. Tsono wolondola ndani? Sitetimenti sikhala yolondola chifukwa choti yatuluka mu kompyuta. Anasolola invoisi yeniyeniyo mu fayilo, ndipo inati K763,000. Cholakwika ndi cha mu leja, choncho anawonjezera K27,000. Sanafufute nambala yakaleyo. Analemba mzere watsopano wofotokoza kuti akukonza invoisi 4390, kuti aliyense wotsegula bukulo mawa adzaone chimene chinachitika.

Kanjira kena n'kugawa yotsalayo pakati. Theka lake likafanana ndi ndalama ina imene ili m'mabuku, ndiye kuti ndalamayo inalembedwa mbali yolakwika. Kirediti noti ya K170,000 ikalembedwa ngati invoisi, mabuku amasiyana ndi K340,000, chifukwa m'malo mochotsa mwawonjezera. Tinjira timeneti timangokulozerani koyang'ana. Umboni umakhalabe pepala loyambirira.

Tsopano zonsezi zilembedwe pa tsamba limodzi, la mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi ya leja yanu, ndipo mumalowa zokhazo zimene inu munalakwitsa. Tiyambe ndi K2,400,000. Tiwonjezere K550,000 ya invoisi 4917. Tiwonjezerenso K27,000 ya invoisi 4390. Leja yokonzedwa ikuti K2,977,000.

Mbali yachiwiri ndi ya sitetimenti, ndipo mumalowa za m'njira ndi zimene a holoselo ayenera kukonza. Tiyambe ndi K4,467,000. Tichotse K1,000,000 imene inali isanalembedwe kwawo, itsala K3,467,000. Tichotse K170,000 ya penti, itsala K3,297,000. Tichotse K320,000 ya ku Madisi, itsala K2,977,000.

Mbali zonse ziwiri zakumana pa K2,977,000. Imeneyo ndiye ngongole yeniyeni ya pa 30 Juni. Taonani kuti si nambala ya a holoselo, komanso si nambala imene leja inanena poyamba. Mayiwa akanalipira mmene sitetimenti inanenera, akanapereka K1,490,000 yopitirira, ndipo kuti ndalama yolipira mopitirira ibwerere, pamapita nthawi yaitali, kawirikawiri amangokuuzani kuti idzachotsedwa pa katundu wa m'tsogolo. Akanakakamira leja yawo, akanatsalira ndi K577,000, n'kupezeka kuti lole yotsatira yaimitsidwa chifukwa cha ngongole imene iwo samaidziwa.

Polipira palinso msampha umene anthu ambiri sauona. Mukangotumiza ndalama osanena kuti ndi ya mainvoisi ati, ambiri a maakaunti amaigawa kuyambira pa invoisi yakale kwambiri kupita m'tsogolo. Taganizani zimene zingachitike kwa mayi athuwa. Invoisi 4625 ya ku Madisi ija ndi ya pa 17 Juni, choncho ndi yakale kuposa 4917 ya pa 27. Ngati sinachotsedwe, ndalama yawo idzayamba yatseka 4625, ndipo 4917 idzaoneka kuti yalipidwa mosakwanira. Mwezi wotsatira invoisi yolakwika ija idzakhala m'gulu la zolipidwa, ndipo pa masitetimenti amene amangoonetsa mainvoisi osalipidwa, siidzaonekanso n'komwe. Chotsala chidzakhala pa invoisi imene mayiwo anailandira ndi kuisayinira, ndipo sangaikane. Pakapita miyezi itatu, palibe amene angakumbuke kuti K320,000 inachokera kuti. Njira yopewera ndi yosavuta. Ndalama iliyonse iziperekezedwa ndi mndandanda wolembedwa: ndalipira invoisi yakuti ndalama zakuti, yakuti ndalama zakuti, ndipo 4625 sindinalipire chifukwa si yanga. Kope lake likhale mu fayilo yanu.

Wina afunsa kuti, nanga manambala a pansi akafanana, kuchonga kuli ndi ntchito? Kuli nayo. Tiyerekeze kuti invoisi ina ya K550,000 inabwera kawiri, koyamba ndi dalaivala, kachiwiri pa foni, ndipo kalaliki anailemba kawiri. Mwezi womwewo invoisi inanso ya K550,000 yagona mu dirowa. Pansi mabuku adzafanana bwinobwino, koma mkati muli zolakwika ziwiri. Mudzalipira invoisi imodzi kawiri, ina osailipira, ndipo ngati muli pa VAT, mafomu anu adzatchula invoisi imodzi kawiri. Kwa shopu imene imaoda katundu wofanana mobwerezabwereza, zimenezi sizachilendo. Nambala ya invoisi ndiyo imaulula, n'chifukwa chake isamasowe pa mzere uliwonse wa leja.

Inu a mabungwe, masukulu ndi makampani muli ndi kusiyana kwina kumene mashopu ang'onoang'ono ambiri sakumana nako. Ndi msonkho uja mumadula pa malipiro a wogulitsa amene alibe satifiketi yomukhululukira, n'kukaupereka ku MRA m'dzina lake. Tinene kuti mlingo wake ndi 3 peresenti, ndipo ndalama yoyenera kudulidwapo ndi K1,000,000. Wogulitsa alandira K970,000, ndipo K30,000 ipita ku MRA. Mu leja yanu ngongole yatha. Pa sitetimenti yake K30,000 ikuonekabe, ndipo idzaonekabe kufikira atalandira satifiketi yosonyeza kuti msonkhowo unadulidwa ndi kuperekedwa. Mukaona timatsalira ting'onoting'ono pa invoisi iliyonse, tofanana peresenti, yambani mwayang'ana pamenepo. Musalipire kachiwiri. Muonetsetse kuti msonkhowo unapitadi ku MRA, wogulitsayo alandire satifiketi yake, ndipo mumupemphe atseke timatsalirato. Mukalekerera, chaka chikamatha timakhala titaunjikana kufika pa ndalama yoyambanitsa anthu.

Ntchitoyi ili ndi malire ake. Imasonyeza kuti mabuku awiri akugwirizana, basi. A holoselo akalemba mtengo wokwera kuposa umene munapangana, inu n'kulemba invoisiyo mmene ilili, mabuku adzagwirizana, koma mwaluza. Invoisi ikanena matumba 100 pamene lole inatsitsa 95, sitetimenti siidzakuuzani. Zimenezo zimagwidwa tsiku lolandira katundu, munthu ataima pa lole akuwerenga, n'kulemba chosowacho pa delivale noti asanasayine. Komanso simungayanjanitse sitetimenti imene sinabwere. Ogulitsa ena satumiza mpaka mutapempha. Pemphani, makamaka kwa amene mumagulako pafupipafupi koma leja ikuti mulibe nawo ngongole, chifukwa invoisi yotayika imabisala bwino pa tsamba looneka loyera.

Mayi a pa Mponela aja anasayina tsamba loyanjanitsira, kulembapo deti, n'kulimata pamodzi ndi sitetimenti ya Juni, uthenga wa ku banki, kapepala ka penti ndi makope a ku Madisi. Kope la tsambalo anatumiza kwa a maakaunti ku holoselo, kuti onse awiri aziyang'ana manambala amodzi. Sitetimenti ya Julayi ikadzafika, mzere wake woyamba udzanenabe K4,467,000, pamene leja idzayamba ndi K2,977,000, ndipo tsamba lija ndi limene lidzafotokoze kusiyanako. Asanachonge invoisi iliyonse ya Julayi, adzayamba afunafuna zinthu zitatu: K1,000,000 yolembedwa pa 1 Julayi, kirediti noti ya K170,000, ndi mzere wochotsa invoisi 4625. Chimene chidzasowe mwa zitatuzi chidzalembedwanso pa tsamba la Julayi ndi deti lake loyamba, ndipo kalata yokumbutsa idzapita kwa mkulu wa maakaunti ku holoseloko.